Mmene wogulitsa mapampu othirira angakokere ogula a bizinesi ku Tete

Anzanga ogulitsa zipangizo za ulimi, kaya a ku Ulongwe, a ku Furancungo kapena a mumzinda wa Tete, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Pampu yanga ndi yabwino, koma sitolo ina ikugulitsa yooneka chimodzimodzi pa mtengo wotsika. Ndimuuze chiyani mlimi wamkulu kapena bungwe kuti agule kwa ine?" Ndatopa kuyankha pa foni, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti amene wafunsa ndizingomutumizira.

Mlimi amene wadzala kachewere kapena matimati pa mahekitala awiri m'chilimwe waika ndalama zake zonse pa madzi. Mbewu wagula, feteleza wathira, aganyu akuyembekeza malipiro. Chimene chimamusowetsa tulo ndi funso lakuti pampu ikafa Lachiwiri, munda wake ukhala masiku angati wopanda madzi. Wogulitsa amene angayankhe funsoli ndi nambala, n'kuisunga nambalayo, ndiye amene dzina lake limayenda pakati pa alimi. Masitepe onse ali m'munsimu akupita pa nambala imeneyo.

1. Sankhani wogula wanu ndi dera lanu

Chigawo cha Tete ndi chachikulu kwambiri moti munthu mmodzi sangalonjeze thandizo paliponse. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Ulongwe ndi makilomita opitirira 200, kudzera ku Moatize ndi ku Mussacama, ndipo mukasiya tara kulowa m'midzi ya ku Domue kapena ku Tsangano ulendo umasanduka wa tsiku lathunthu. Tengani mapu, ikani chala pamene pali sitolo yanu, ndipo lembani malire a malo amene makaniko wanu angafike pa njinga yamoto n'kubwerako tsiku lomwelo. Amenewo ndiwo malire a lonjezo lanu. Kunja kwake mutha kugulitsa, koma muuzeni wogula poyera kuti thandizo la msanga silifika kumeneko.

Kenako sankhani mtundu wa wogula. Mlimi wa dimba laling'ono amene akusiya keni n'kugula motobomba yake yoyamba, pampu ija yoyendera injini, amayang'ana mtengo, ndipo sindimunena, ndalama zake ndi zochepa. Inu mukufuna wina: mlimi amene amagulitsa ndi lole, gulu la alimi lolembetsedwa (kuno timati asosiyasawu), wolima fodya amene nazale zake sizingadumphe tsiku osathiriridwa, misheni kapena sukulu yokhala ndi munda, ndi mabungwe ogulira alimi mapampu ambiri nthawi imodzi. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kufuna kukopa onse ndi mawu amodzi. Mukalemba pachikwangwani kuti "zotchipa komanso zolimba", wosowa ndalama adzapezabe kotchipa kuposa kwanu, ndipo mlimi wamkulu adzakuikani m'gulu la ogulitsa zotchipa.

2. Dziwani kuti ogula ndi atatu, ngakhale wosaina ndi mmodzi

Pali wolipira, pali woyendetsa pampu tsiku ndi tsiku, ndipo pali amene adzadzudzulidwe pampu ikafa. Pa asosiyasawu wolipira ndi msungichuma, woyendetsa ndi mnyamata wina wa m'mudzimo, wodzudzulidwa ndi wapampando amene anauza anthu kuti "tigule kwa awa". Pa bungwe wodzudzulidwa ndi mlangizi wa kumunda. Munthu wachitatuyu ndiye amasamala kwambiri za thandizo la pambuyo pogula, chifukwa dzina lake ndi limene lili pangozi. Mpatseni pepala loti akawerengere anzake pamsonkhano. Woyendetsayo mutengereni nambala yake ya foni, chifukwa ndi iye amene adzayamba kumva injini ikusintha kulira.

3. Kayezeni munda musanatchule mtengo

Wogula akabwera n'kunena kuti "ndikufuna ya mainchi awiri", musathamangire kulemba kotasawu, pepala lija losonyeza katundu ndi mtengo wake. Nenani kuti, "Bambo, ndibwere kaye ndidzaone mtsinje ndi munda." Mapampu ambiri amene anthu amati ndi achabe analibe vuto lililonse, anangoikidwa pa ntchito yosawayenera, ndipo mlandu umagwera wogulitsa.

Tiyerekeze munda wa kachewere wa mahekitala awiri ku Angonia. Madzi ali mumtsinje, mamita 12 pansi pa malo okwera kwambiri a munda, ndipo paipi iyenera kuyenda mamita 200. M'nyengo yotentha mbewu imamwa madzi okwana mamilimita asanu patsiku, omwe ndi malita 50,000 pa hekitala. Mahekitala awiri ndi malita 100,000. Poti akuthirira m'mizere, madzi ambiri amalowa pansi kapena kuthawira kumapeto kwa mzere, choncho pampu iyenera kutulutsa malita cha m'ma 160,000. Akathirira maola asanu ndi atatu, ndiye kuti akufunika malita 20,000 pa ola.

Pa bokosi la motobomba ya mainchi awiri pamakhala palembedwa zinthu ngati `Q max 600 L/min` ndi `H max 30 m`. Mlimi amachulukitsa 600 ndi mphindi 60, n'kupeza malita 36,000 pa ola, ndiye amati zakwana mpaka kutsala. Koma manambala awiriwa sachitikira pamodzi. Malita 600 amatuluka pamene pampu sikukweza madzi n'komwe, ndipo pa mamita 30 madzi amangofika pakamwa pa paipi osatuluka. Ntchito yeniyeni imachitika pakatikati.

Ndiye pali kukhuzana kwa madzi ndi khoma la paipi, kumene ambiri amakuiwala. Malita 20,000 pa ola akamadutsa mu paipi ya mainchi awiri, mamita 100 aliwonse amadya mphamvu yofanana ndi kukweza madzi mamita pafupifupi 15. Pa mamita 200 ndi mamita 30, kuonjeza 12 aja, zonse pamodzi 42. Pampu ija singathe. Chimene chidzachitike n'chakuti idzatulutsa pafupifupi theka la madzi ofunika, woyendetsa adzaikankha usana wonse ndi usiku womwe, ndipo pakutha miyezi iwiri injini idzayamba kufuka utsi. Madzi omwewo mu paipi ya mainchi atatu amataya mamita awiri okha pa 100 aliwonse, ndiye zonse pamodzi ndi mamita 16 kapena 17.

Chinthu china n'cha kuno kwathu kumapiri. Ulongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini ya petulo imataya mphamvu pakati pa 10 ndi 15 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi mmene ingagwirire ku Beira, ndipo pampu imakoka madzi kuchokera pakuya pochepera ndi mita imodzi ndi kanthu. Choncho pa munda uwu ine ndingalembe pampu ya mainchi atatu ndi paipi ya mainchi atatu, ndi kuiika pafupi ndi madzi, osapitirira mamita anayi kapena asanu pamwamba pake. Kuchigwa, m'mbali mwa Zambezi ndi Revubue, vuto ndi lina. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, fumbi limatseka sefa ya mpweya, ndipo mchenga wa mumtsinje umadya za m'kati mwa pampu. Kumeneko mulembe za mthunzi wa injini ndi za kukweza kamwa ya paipi yokokera kuti isagone pamchenga.

Zonsezi zilembeni patsamba limodzi, m'mawu osavuta, mumusiyire wogula. Atha kupita nalo kwa mnzanu wotchipa uja, ndipo ena adzapitadi. Musadandaule nazo kwambiri. Ambiri mwa amene mukuwafuna amakumbukira amene anafika kumtsinje ndi tepi yoyezera.

4. Lembani lonjezo la thandizo, ndipo likhale loti mungalisunge

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, chifukwa pamafuna ndalama ndi kulimba mtima. Aliyense amati "tili ndi galantiya". Mawu amenewa mlimi wa bizinesi anawamva kale, ndipo anaona zimene amatanthauza: pampu kuikweza pa chapa, kuisiya kusitolo, kuuzidwa kuti chitsulo chake chikuchokera ku Maputo kapena ku Joni, n'kudikira milungu itatu. Kachewere amene wasowa madzi pa nthawi yoika ana sadikira milungu itatu. Matimati akauma n'kudzalandira madzi ambiri mwadzidzidzi amang'aluka, ena amaola kumatako. Galantiya ya miyezi khumi ndi iwiri yopanda nambala ya masiku siimuthandiza munthu ameneyu.

Lonjezo loti ligwire ntchito limayankha mafunso anayi. Mukaimbiridwa foni, mudzayankha pakadutsa nthawi yaitali bwanji? Makaniko adzafika kumunda tsiku liti? Zikakanika kukonzekera pomwepo, mlimi athirira ndi chiyani? Nanga ndani alipira chiyani? Mwachitsanzo mungalembe kuti: foni timayankha tsiku lomwelo; m'dera lathu makaniko amafika pasanathe maola 48; pampu ikafuna kupita kusitolo timasiya yobwereka mpaka yanu itabwera. Manambala amenewa musakopere kwa ine. Awerengereni pa tsiku loipitsitsa la chaka, osati pa tsiku labwino. Mu Juni foni sizilira kwambiri. Mu Seputembala ndi Okutobala mitsinje yatsika, mapampu akugwira maola ambiri, ndipo atatu atha kufa sabata imodzi kumbali zitatu zosiyana. Ngati muli ndi makaniko mmodzi ndi njinga imodzi, lembani maola 72. Kuli bwino kulemba 72 n'kufika pa 48 kusiyana ndi kulemba 24 n'kufika pa 48, ngakhale kuti mlimi wadikira nthawi yofanana.

Kuti nambala imeneyi itheke, choyamba chepetsani mitundu ya mapampu. Sitolo yodzaza ndi mitundu khumi imaoneka bwino, koma simungasunge zosinthira za mitundu khumi. Mitundu iwiri kapena itatu, yokhala ndi injini za banja limodzi, ndiyo imakulolani kunena motsimikiza kuti chitsulo chilichonse chimene chimakonda kufa chili pashelefu. Ndipo zimene zimakonda kufa n'zodziwika. Pali selo mekaniko, kamphete kotseka madzi pamene mtanda wa injini umalowa m'thupi la pampu. Pali chipalasiro cha m'kati chimene amakaniko amati impulusolo. Pali valavu ya kuphazi ndi sefa yake, mphira zotsekera m'malumikiziro, vela yoyatsira moto mu injini, kabuleta, sefa ya mpweya, ndi chingwe chokokera ndi sipuling'i yake. Zambiri mwa izi n'zazing'ono, zimakwana m'chikwama chimodzi cha makaniko. Zigulani mu Epulo kapena Meyi, ulimi wothirira usanafike pachimake. Amene amaitanitsa selo mu Okutobala amakhala ataswa kale lonjezo lake.

Chachiwiri ndi pampu yobwereketsa. Ambiri amaiona ngati ndalama yogona, pampu yatsopano yongokhala osagulitsidwa. Ine ndimaona kuti palibe chikwangwani kapena chilengezo cha pa wailesi chimene chingafanane nayo. Lamulo langa ndi lakuti pa mapampu khumi ndi asanu kapena makumi awiri amene ali m'minda, mukhale ndi imodzi yodikira. Ipakeni penti ya mtundu wowala ndi dzina la sitolo yanu m'zilembo zazikulu, kuti isasochere ndiponso kuti oyandikana minda aione ikugwira ntchito. Lembani kuti petulo ndi wa mlimi ndipo imabwerera tsiku limene yake yabwera, apo ayi idzakhala yake mpaka kukolola.

Chachitatu ndi munthu wa pafupi. M'misika ikuluikulu ya m'maboma muli anyamata okonza njinga zamoto, ndipo amene amadziwa kabuleta wa njinga sangavutike ndi injini ya motobomba. Chimene sadziwa nthawi zambiri ndi mbali ya madzi. Sankhani mmodzi pa dera lililonse, mumuphunzitse kusintha selo ndi kupeza pamene mpweya ukulowera, mumusiyire zosinthira zowerengedwa, ndipo muzimulipira pa ulendo uliwonse tsiku lomwelo pa M-Pesa kapena e-Mola. Mukamachedwa kumulipira, tsiku lina foni yake idzakhala yozima pamene mlimi wanu wamkulu akulira.

Tsopano mbali yovuta kwambiri, imene imadanitsa anthu: zimene galantiya siilipira. Muyenera kuzinena tsiku logula, wogula akumwetulira, osati tsiku limene pampu yafa. Ndipo muyenera kudziwa kusiyanitsa vuto la kufakitale ndi vuto la kagwiritsidwe, m'njira yoti mlimi aone yekha ndi maso.

Madzi akamadontha pakati pa injini ndi thupi la pampu, selo yapita. Mukaitsegula n'kupeza nkhope zake zosweka kapena mphira yake yopserera, ndiye kuti pampu inalizidwa yopanda madzi m'mimba, chifukwa madziwo ndiwo amaziziritsa selo. Mukapeza mizere yokandika, ndiye kuti wachititsa ndi mchenga. Impulusolo yodyeka m'mphepete mpaka kupyapyala ndi mchenganso. Pampu ikamalira ngati yameza timiyala, koma m'kati mulibe kanthu, ndiye kuti ikukoka kuchokera pakuya kwambiri kapena sefa ya kuphazi yatsekeka ndi zinyalala, ndipo ikapitiriza choncho chitsulo chimachita timaenje. Injini ikulira bwinobwino koma madzi sakukwera, yambani mwayang'ana mpweya pa paipi yokokera: kalampu yomasuka, mphira yosowa, kapena kang'alu kamene woyendetsa anakamanga ndi lamba wa chubu. Oyilo wakuda ngati phula komanso wochepa akusonyeza kuti sanasinthidwe. Injini zazing'onozi zimafuna oyilo watsopano pakatha maola 20 oyambirira, kenako maola 100 aliwonse, ndipo pa fumbi musadikire kuti afike 100. Kabuleta wodzaza ndi madzi ndi zinyalala amachokera ku petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu.

Zonsezi si mlandu wa fakitale. Koma samalani, mukangozilemba ngati mndandanda wa zifukwa zokanira, wogula adzaona kuti mukukonzekera kuthawa. Njira yabwino ndi kugawa lonjezo pawiri. Kubwera msanga ndi pampu yobwereka n'za aliyense, kaya wolakwa ndani. Kulipira chitsulo ndiko kumadalira chimene chachititsa. Mlimi amene woyendetsa wake anawotcha selo amalipira selo mosanyinyirika ngati madzi abwerera m'munda mawa lake. Chimene sakhululuka ndi kukangana za mlandu pamene mbewu ikufota.

Kuti mikangano ichepe, muzikaiika nokha pampu tsiku loyamba, muphunzitse woyendetsa mwini munda ali pomwepo, ndipo mumangirire kakope kakang'ono m'pulasitiki kolembamo maola ndi tsiku losintha oyilo. Ulendo wa maola 20 oyambirira muuchite nokha, kwaulere. Oyilo wake saposa lita imodzi, koma ulendowu umakupatsani mpata woona zolakwika zisanaphe injini: pampu yopendekeka, paipi yogona m'matope, woyendetsa amene amaiwala kuthira madzi m'mimba mwa pampu asanakoke chingwe.

Ngati mumagulitsanso mapampu a magetsi kapena a dzuwa, ganizo ndi lomweli koma zofa zake n'zina. Pa magetsi a EDM mota imapsa magetsi akatsika mphamvu kapena waya mmodzi mwa atatu akazima, choncho musaigulitse yopanda bokosi loteteza, ngakhale wogula atachonderera kuti mtengo utsike. Pa za dzuwa chimene chimafa kawirikawiri ndi bokosi loyendetsa, ndipo ndilo muyenera kukhala nalo lapadera. Kuba kwa mapanelo lembani momveka kuti sikuli m'galantiya.

5. Ikani mtengo wa lonjezolo poyera

Petulo wa njinga, malipiro a makaniko, zosinthira za pashelefu ndi pampu yodikira ija zonse ndi ndalama. Mukapanda kuziwerengera mumtengo, mudzasunga lonjezo chaka choyamba, chachiwiri mudzayamba kuzemba mafoni. Werengani ndalama zonse za thandizo pa nyengo imodzi, mugawe ndi chiwerengero cha mapampu amene mukuyembekeza kugulitsa, muone kuti iliyonse isenze zingati. Chaka choyamba chikhale m'kati mwa mtengo wogulira. Kuyambira chachiwiri mlimi azilipira pangano la nyengo, ndipo nthawi yabwino yotolera ndi pamene wangogulitsa zokolola.

Wogula akati "uko ndapeza yotchipa", musanyoze mnzanuyo, ndipo musanene kuti katundu wake ndi wabodza. Mwina pampu yake ndi yabwino ndithu. Tiyerekeze kuti yake ndi metikali 18,000 ndipo yanu ndi 26,000. Funsani modekha: "Bambo, munda uja ukakhala sabata wopanda madzi kachewere akuika ana, mungataye matumba angati?" Mulekeni atchule yekha. "Nanga thumba mumagulitsa zingati?" Achulukitse yekha, ayerekeze ndi 8,000 ija. Nambala imene munthu waitchula ndi pakamwa pake saikana. Ndipo ngati zotsatira zake zikusonyeza kuti kutayako n'kochepa kuposa kusiyana kwa mtengo, ameneyo si wogula wanu. Muuzeni mwaulemu kuti yotchipayo imukwanira.

Ena adzakuuzani kuti angogula kutsidya, ku Dedza kapena ku Lilongwe, poti malire a Calomue ali pafupi. Afunseni funso limodzi lokha, lakuti ikafa makaniko wa kumeneko adzaoloka malire kubwera kumunda kodi.

Chenjezo: wogula akakupanikizani, musatsitse mtengo n'kusiya lonjezo lili chomwecho. Mukatero mwamuphunzitsa kuti thandizo lija linali mawu chabe. Ngati n'kofunikadi kutsitsa, chotsani chinthu chooneka, monga pampu yobwereka, ndipo mulembe kuti mwachichotsa.

6. Konzani mapepala ndi umboni

Mabungwe, makampani ndi ma asosiyasawu olandira thandizo sangagule popanda mapepala. Khalani ndi NUIT, chilolezo cha bizinesi, fatura yovomerezeka ndi chidindo, ndipo pa kotasawu pazioneka ngati IVA ili m'kati kapena ayi. Lembani nambala ya injini pa fatura ndi pa pepala la galantiya, kuti wina asadzakubweretsereni pampu yakufa imene anagula kwina. Mapepala a boma amakhala m'Chipwitikizi, koma tsamba la lonjezo ndi malangizo a woyendetsa zikhalenso m'Chichewa, poti wowerenga weniweni ndi mnyamata wa kumtsinje uja.

Mabungwe nthawi zambiri amatenga makotasawu atatu n'kusankha wotsika. Choncho musadikire kuti aitanitse. Pitani kwa mlangizi wawo ndi ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi chuma m'boma lanu, nthawi isanakwane, muwaonetse kuwerengera kwa sitepe yachitatu, ndipo muwapemphe kuti pa zofunika zawo azilembamo kuyeza munda, zosinthira zopezeka m'chigawo ndi masiku a thandizo. Akalemba zimenezo ndiye kuti makotasawu atatu aja akuyerekezedwa pa chinthu chofanana.

Umboni wamphamvu ndi kaundula wa mafoni. Gulani kope lachikuto cholimba. Foni iliyonse ya vuto mulembe tsiku ndi ola limene yalowa, vuto lake, ndi tsiku ndi ola limene madzi abwerera, mlimi asaine. Nyengo ikatha mudzakhala ndi masamba oti muike patebulo pamaso pa wogula watsopano. Musafufute pamene munachedwa. Kope lopanda cholakwa ngakhale chimodzi palibe amene amalikhulupirira. Pemphaninso alimi awiri kapena atatu kuti alole kuimbiridwa, ndipo musankhe amene pampu yawo inafapo n'kukonzedwa msanga. Amene yake sinafepo sangachitire umboni thandizo lanu.

7. Nenani chinthu chimodzi paliponse

Pachikwangwani, pa kotasawu, pa wailesi ya m'dera ndi pakamwa pa wogulitsa wa m'sitolo pazituluka mawu amodzimodzi, afupi, okhala ndi dera ndi nambala. Mwachitsanzo: "Mapampu othirira a alimi a bizinesi ku Angonia ndi Tsangano. Timayeza munda, timaika, ndipo ikafa madzi amabwerera pasanathe masiku atatu." Mawu ngati "apamwamba", "oyamba" ndi "odalirika" achotseni, aliyense amawalemba. Wogulitsa wa m'sitolo muphunzitseni kuti asaonjezere zake. Amakonda kunena kuti "timafika tsiku lomwelo" kuti malonda atheke, ndipo mlimi adzakumbukira za pakamwa zija kuposa za papepala.

8. Tsiku limene mwalephera

Lidzabwera ndithu. Mlatho udzaduka, makaniko adzakhala pamaliro, pampu yobwereka idzakhala ili kale kwa wina. Mukangodziwa kuti simukwanitsa, imbani foni inuyo, nthawi ya lonjezo isanathe, osadikira kuti mlimi akuimbireni. Nenani chimene chachitika, tsiku limene mufike, ndi chimene muchite pakadali pano. Ngati pali mlimi woyandikana naye amene ali ndi pampu, ibwerekeni ndi ndalama zanu kwa masiku awiriwo. Lembani pasadakhale m'pangano chimene mumalipira mukachedwa, kaya ndi ulendo umodzi wosintha oyilo kwaulere kapena kuchotsera pa pangano la nyengo yotsatira, ndipo mupereke musanapemphedwe. Mukabwerera kusitolo lembani kuchedwako m'kope lija ndi chifukwa chake. Chifukwa chomwecho chikaonekanso kachiwiri nyengo imodzi, bwererani pa sitepe yoyamba: chepetsani dera, kapena lembani makaniko wina Ogasiti asanafike.